Mmene mungafotokozere makolo bajeti ya sukulu kuti mamiliyoni amveke

Mukaimirira pa msonkhano wa makolo n'kunena kuti chaka chino sukulu ikufunika K9,600,000, mayi amene amagulitsa tomato ku Zigwagwa mu Mzuzu muno amangomva kuti ndi ndalama zambiri. Mukanati K6,900,000 akanamvanso chimodzimodzi. Masamu amawadziwa bwino, mwina kuposa inu, chifukwa amawerengera phindu la dengu lililonse pamtima popanda pepala. Vuto n'lakuti ndalama zomwe zimadutsa m'manja mwake ndi za masauzande, ndipo miliyoni alibe chinthu choiyezera. Ntchito yanu, kaya ndinu mphunzitsi wamkulu, msungichuma wa komiti ya sukulu kapena wapampando wa PTA, ndi kumupatsa muyezo umene iye amaudziwa kale, woti akhozanso kukutsutsani nawo mukalakwitsa.

Tiyende ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Ndi sukulu ya pulayimale ya m'dera ngati Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuba, ya ana 1,200. Ziwerengero ndi mitengo yonse m'chitsanzochi ndi zongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino. Inu mudzaikapo zanu.

Yambani ndi kufupikitsa bajeti

Musanaganize zofanizira chilichonse, tengani bajeti ija muiphatikize kuti itsale mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Pepala la msungichuma likhoza kukhala ndi mizere 30, kuyambira misomali mpaka maloko, ndipo pepala limenelo lidzakhalepo patebulo kuti wofuna kuliona alione. Koma zolankhula pakamwa zikhale zochepa. Pa sukulu yathuyi zatsala motere: kumanga chimbudzi cha zitseko zinayi K4,200,000, madesiki 40 K2,400,000, malipiro a mlonda K1,560,000 pa chaka, bilu ya madzi K720,000, ndipo choko, mapepala ndi kusindikiza mayeso K720,000. Zonse pamodzi K9,600,000.

Lembaninso mbali ya ndalama zolowa. Tinene kuti mukaphatikiza ndalama za boma zotukulira sukulu, zija timangoti SIG, ndi zomwe mpingo wina umalipira pobwereka makalasi Lamulungu, ndi thandizo lomwe linalonjezedwa kale polemba kalata, mukupeza K7,200,000. Zoperewera ndi K2,400,000. Manambala atatu amenewa, zofunika, zomwe zilipo ndi zoperewera, ndiwo amene kholo liyenera kupita nawo kunyumba. Zina zonse n'zothandizira kuti atatuwa amveke.

Sankhani muyezo umodzi

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, choncho musathamange. Muyezo wabwino ndi chinthu chimene pafupifupi kholo lililonse limagula ndi ndalama yake, limadziwa mtengo wake osafunsa munthu, ndipo kukula kwake sikusinthasintha. Mulu wa tomato sukwanira chifukwa mulu wa ku Luwinga ndi wa mumsika waukulu m'tauni sufanana, ndipo wa m'mawa ndi wa madzulo sufanananso. Thumba la makala nalonso ndi lovuta: lina ndi losokerera mutu, lina ndi lophwatalala, ndipo mukangolitchula anthu ayamba kukangana za thumba m'malo mwa bajeti. Mtengo wa galimoto kapena wa puloti ungamveke kwa abambo awiri atatu okhala kutsogolo, ena onse n'kutsalira.

Thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndilo limagwira ntchito bwino pa ndalama zikuluzikulu. Amene amalima ku Lusangazi kapena kumudzi kwawo amadziwa mtengo wogulitsira, amene amagula amadziwa mtengo wogulira, ndipo aliyense amadziwa kuti thumba limodzi limatha masiku angati pakhomo pake. Kwa iwo amene amagula pang'onopang'ono, thumba limakwana pafupifupi ndowa zitatu za malita 20, ndiye kusintha kuchoka pa thumba kupita pa ndowa sikuvuta.

Pali lamulo limodzi limene ambiri amaliphonya. Chinthu chimene mwasankha kukhala muyezo chisakhale chinthu chomwe chikugulidwa m'bajetimo. Mukanena kuti chimbudzi chidya ndalama zokwana matumba 120 a simenti, theka la anthu limva kuti mugula matumba 120 a simenti. Mmisiri amene wakhala kumbuyo adzaimika dzanja n'kunena kuti chimbudzi cha zitseko zinayi sichingadye simenti yochuluka chotero, ndipo adzakhala akunena zoona. Kuyambira pamenepo msonkhano wonse ukhala wofufuza wakuba amene kulibe. Chimodzimodzi ngati sukulu yanu ili ndi ndondomeko ya phala ndipo mumagula chimanga, musagwiritse ntchito chimanga ngati muyezo. Pamenepo tengani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi ngati bajeti yanu ndi ya ndalama zing'onozing'ono, kapena thumba la feteleza la makilogalamu 50 ngati ndi ya zikuluzikulu.

Ndipo muyezo ukhale umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukayeza chimbudzi ndi chimanga, madesiki ndi njinga, mlonda ndi mabandulo a foni, kholo silingathe kuona kuti chachikulu n'chiti, chifukwa mwalipatsa ntchito yosintha njinga kukhala chimanga m'mutu mwake inu mukupitiriza kulankhula.

Kafunseni mtengo sabata yomweyo

Musatenge mtengo wa m'mutu mwanu, kapena umene munamva pa wailesi mwezi watha. Tumani anthu awiri a m'komiti, mmodzi akhale mayi wa gulu la amayi la pasukulu, apite kumsika umene makolo a sukulu yanu amagulako, masiku awiri kapena atatu msonkhano usanachitike. Afunse kwa ogulitsa atatu. Akapeza K58,000, K60,000 ndi K63,000, tengani K60,000, yomwe ili pakati komanso ndi yosavuta kugawira.

Pa tsiku la msonkhano musawauze makolo mtengowo, afunseni. "Amayi ndi abambo, thumba la chimanga likupita pa zingati masiku ano?" Ayankha mosiyanasiyana, wina adandaula kuti mavenda akuba, wina anena kuti kwawo ku Mzimba n'chotchipa. Apatseni mphindi imodzi, kenako nenani: "Tigwirizane pa K60,000 kuti masamu asativute. Mukuvomera?" Akavomera, lembani pabolodi ndi zilembo zazikulu kuti thumba limodzi ndi K60,000, ndipo musafufute mpaka msonkhano utatha. Mtengo umene auvomereza okha sadzabwereranso kudzautsutsa pakati pa nkhani. Akakana n'kunena kuti ndi K65,000, musalimbane nawo. Nenani kuti masamu munawakonzera pa K60,000, ndipo pa mtengo wawowo matumba achepa pang'ono koma kugawika kwake sikusintha.

Gawani, ndipo wina awerengerenso

Masamu ake ndi ophweka: ndalama za mzere uliwonse kugawa ndi mtengo wa thumba. K9,600,000 kugawa ndi K60,000 ndi matumba 160. Chimbudzi ndi matumba 70, madesiki 40, mlonda 26, madzi 12, choko ndi mapepala 12. Phatikizani matumbawo muone ngati akubwerera pa 160. Akapanda kubwerera, penapake mwalakwitsa, ndipo ndi bwino muzindikire muli nokha mu ofesi kusiyana ndi kuuzidwa ndi kholo pagulu. Mphunzitsi wa masamu wa sitandade 8 awerengerenso payekha osaona mayankho anu.

Mukamagawa choncho mumatulukira ziganizo zokoma zimene simukanaziona m'makwacha. Taonani madesiki: 40 pa matumba 40, kutanthauza kuti desiki imodzi ndi thumba limodzi la chimanga. Madzi: matumba 12 pa miyezi 12, ndiye mwezi uliwonse mpopi wa pasukulu umamwa thumba limodzi. Mlonda amalandira matumba awiri ndi pang'ono pa mwezi. Ziganizo zotere munthu amakazibwereza kwa mwamuna wake kapena kwa mnansi amene sanabwere, ndipo sazisokoneza.

Sizidzagawika bwino chonchi nthawi zonse. Mukapeza 69.4 nenani "pafupifupi matumba 70", ndipo mawu akuti "pafupifupi" muwatchule momveka. Madesimali asalowe m'kamwa mwanu. Koma pabolodi nambala yeniyeni ya makwacha ikhale yathunthu monga ilili m'buku, mpaka kwacha yomaliza. Poyerekeza mukhoza kunena "pafupifupi", koma pa nambala ya m'buku ayi.

Onetsani ndi zinthu zogwirika

Matumba 160 amamveka kuposa mamiliyoni, koma akadali ambiri kuti munthu awaone m'maganizo. Ndiye tolani njerwa 16, muziike patebulo kutsogolo, ndipo munene kuti njerwa iliyonse ikuimira matumba 10. Ikani zisanu ndi ziwiri mulu umodzi: chimbudzi. Zinayi mulu wina: madesiki. Zisanu zotsalazo mulu wachitatu: zolipira zomwe sizitha, mlonda, madzi ndi choko, zomwe pamodzi ndi matumba 50. Amene wakhala kumbuyo kwenikweni pansi pa mtengo akuona ndi maso ake kuti chimbudzi chatsala pang'ono kutenga theka la ndalama zonse, ndipo simunatchule peresenti ngakhale kamodzi.

Kenako bwezerani njerwa zonse pamzere umodzi, muitane kholo limodzi, osati wa m'komiti, lichotse zinayi n'kuziika pansi. Zomwe zatsala patebulo, 12, ndizo ndalama zomwe zilipo, K7,200,000 kapena matumba 120. Zinayi zili pansizo ndizo zoperewera. Apa anthu amayamba kulankhula okha, chifukwa akuona kuti njerwa zinayi zosowazo ndi zofanana ndendende ndi mulu wa madesiki uja. Funso limadzibweretsa: kodi tisiye madesiki chaka chino, kapena timange chimbudzi cha zitseko ziwiri kuti tigule madesiki theka, kapena tikagogode kwina? Kumeneko ndiko kukambirana bajeti. Anthu akusuntha njerwa m'maganizo, ndipo ena amadzuka kudzazisuntha ndi manja.

Njerwa ndi zabwino chifukwa pasukulu sizisowa ndipo zimaoneka patali. Njere za chimanga kapena zitsekerero za mabotolo zimaonedwa ndi a mzere woyamba okha. Ngati msonkhano uchitikira m'kalasi chifukwa cha mvula ya kuno yosadziwa kalendala, jambulani mabokosi 16 pabolodi, koma akhale aakulu ngati chikhatho.

Tsitsani nambala ifike pa mwana mmodzi

Muyezo wa matumba umaonetsa kukula kwa ndalama. Kholo limafunanso kudziwa kuti pa mwana wake zikutanthauza chiyani. K9,600,000 kugawa ndi ana 1,200 ndi K8,000 pa mwana pa chaka. Ngati ndowa ya chimanga ili pa K20,000, ndiye kuti mwana aliyense sukulu ikumuonongera ndalama yosafika theka la ndowa chaka chonse. Mukhoza kutsikanso. Werengani masabata ophunzira pa kalendala ya sukulu ya chaka chimenecho. Tiyerekeze kuti m'materemu onse atatu ndi 40. K8,000 kugawa ndi 40 ndi K200 pa mwana pa sabata.

Pano pali msampha waukulu kuposa yonse. Mukangoti "K8,000 pa mwana", makolo ambiri amva kuti mukuwauza kuti alipire K8,000. Phokoso limayamba nthawi yomweyo, ndipo ali ndi chifukwa: maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere kuyambira 1994, ndipo palibe kholo limene silikudziwa zimenezo. Choncho musanatchule nambala ya pa mwana, tsekani khomo limenelo ndi mawu omveka: "Makolo athu, nambala imene nditchule tsopanoyi si yoti mulipire. Ndikungofuna muone kuti ndalama zonsezi tikazigawa kwa ana athu, aliyense zikumukwana zingati." Mukaitchula, bwerezaninso kuti si bilu. Ngati komiti ili ndi ganizo lopempha makolo chilichonse, kaya ndalama, mchenga kapena ntchito ya manja, imeneyo ndi nkhani ina yoti ibwere payokha, ndipo muyambe mwafunsa a PEA, alangizi a zamaphunziro a zoni yanu, zomwe malamulo akulola pa nthawiyo. Osaibisa m'kati mwa kuyerekeza.

Dziwaninso kuti kugawa kumeneku kuli ndi mphamvu yonamiza ngakhale masamu ali olondola. Ndalama iliyonse mukaigawa pa mwana, pa sabata, pa tsiku, imaoneka ngati kanthu kochepa, ndipo iliyonse mukaiunjika m'matumba imaoneka ngati phiri. Wofuna kuti anthu avomere msanga amangotchula K200, wofuna kuwaopseza amangotchula 160. Inu tchulani zonse ziwiri, motsatizana, nthawi iliyonse. Ineyo ndimaona kuti kholo likamva mbali imodzi yokha, tsiku lomwe lidzamve inayo kwa munthu wina limaganiza kuti munalibisira dala, ndipo chaka chamawa silikhulupiriranso njerwa zanu.

Mawu oti muwapewe

Mawu akuti "chabe" ndi "basi" asamatsatire nambala. "Ndi mtengo wa mandasi amodzi chabe pa sabata" zimamveka bwino kwa amene ali pa ntchito ya pamwezi. Kwa agogo amene akulera zidzukulu zinayi ndi ndalama za maganyu, mandasi anayi pa sabata si chabe, ndipo mwina ana awo sadya n'komwe mandasiwo. Nenani kuyerekezako mosaonjezera maganizo anu, aliyense aweruze yekha ngati n'zochepa.

Pewaninso kuyerekeza ndi mowa, fodya, mawigi kapena kubetcha mpira. Pafupifupi msonkhano uliwonse pamapezeka wina wa m'komiti amene amafuna kunena kuti "abambo inu, ndalama imeneyi siikwana n'komwe mabotolo awiri". Anthu amaseka ndithu, koma amene mwawaseketsa si amene mwawanyoza, ndipo onyozedwawo sabweranso ku msonkhano wotsatira. Muuzeni mnzanuyo msonkhano usanayambe kuti nthabwala imeneyo aisunge. Malipiro a munthu wodziwika pasukulupo nawonso si muyezo. Mukati "ndi ngati malipiro a mphunzitsi a miyezi yakuti", maso onse atembenukira kwa aphunzitsi amene akhala pambali, ndipo nkhani yasanduka ina.

Poyerekeza ndi chaka chatha, sinthani njira

Funso limene silisowa ndi ili: "Chaka chatha munati K8,000,000, lero mukuti K9,600,000. Zakwera bwanji?" Apa chimanga chikhoza kukusokeretsani. Mtengo wake umatsika anthu akangokolola, cha mu Meyi ndi Juni, n'kukwera kwambiri m'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale. Ngati msonkhano wa chaka chatha unachitika chimanga chili pa K40,000, bajeti ija inali matumba 200, ndipo ya lero ndi 160. Mukhoza kuimirira n'kunena kuti bajeti yatsika, ndipo masamu angakuvomerezeni, koma mwina chomwe chasintha ndi nyengo yokha kapena zokolola za chaka chimenecho. Sukulu siigula chimanga. Imagula matabwa, simenti ndi madzi, ndipo mitengo ya zimenezi ili ndi kayendedwe kakekake.

Choncho pa funso la chaka chatha, siyani muyezo uja pambali kwa kanthawi, ndipo nenani poyera kuti mwausiya. Yerekezani ndi chinthu chomwe sukulu inagula zaka zonse ziwiri. Chaka chatha kalipentala ankapanga desiki pa K45,000, ndiye madesiki 40 akanakhala K1,800,000. Chaka chino desiki yomweyo, matabwa omwewo, ndi K60,000, ndiye madesiki 40 omwewo ndi K2,400,000. Paonjezeka K600,000 popanda desiki ngakhale imodzi yoonjezera. Onetsani lisiti ya chaka chatha ndi pepala la mitengo la chaka chino. Makolo a mu Mzuzu muno safunika kuphunzitsidwa za kukwera kwa zinthu. Anaona zomwe zinachitika m'mashopu kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chomwe akufuna ndi kuona kuti pa K1,600,000 yoonjezekayo, ndi ingati yabwera ndi kukwera kwa mitengo, ndipo ndi ingati yabwera ndi ntchito yatsopano. Zigaweni pawiri choncho, muzitchule padera.

Kalankhulidwe kake pa tsikulo

Pa nambala iliyonse tsatirani dongosolo limodzi: makwacha enieni, kenako matumba, kenako tanthauzo lake kwa mwana. Likhoza kumveka motere:

"A mfumu, a wapampando, amayi ndi abambo, chimbudzi cha atsikana chimene tikufuna kumanga chidya K4,200,000. Pa mtengo umene tagwirizana uja, amenewo ndi matumba 70 a chimanga, njerwa zisanu ndi ziwiri izi. Sitikugula chimanga ayi, tikungoyezera. Ndalamazi zipita ku simenti, malata, zitseko, zitsulo za silabu ndi mmisiri, ndipo pepala lake ndi ili, aliyense akhoza kudzaliona. Chikatha, atsikana a sitandade 6 mpaka 8 sazidzaimanso pamzere mpaka belu kulira."

Zikatero khalani chete pang'ono. Nambala imafuna mpata kuti ikhazikike, ndipo wolankhula amene ali ndi mantha amathamangira mzere wotsatira anthu asanameze woyamba. Musawerenge manambala a miliyoni manambala amodziamodzi. Lozani pabolodi pamene mwalemba, n'kunena monga anthu amanenera pamsika.

Misonkhano yambiri kuno imayenda m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo nthawi zina pamakhala womasulira. Khalani naye pansi dzulo lake, mumupatse pepala la manambala ndi matumba ake. Womasulira amene akumva nambala koyamba pagulu ndi amene amasandutsa K4,200,000 kukhala K420,000, ndipo theka la msonkhano limapita kunyumba ndi nambala ina. Mumuuzenso kuti asaonjezere zifanizo zake. Ena ali ndi luso lokometsa nkhani, ndipo mukhoza kudabwa kumva ng'ombe zalowa m'bajeti yomwe inu munaiyeza ndi chimanga.

Wina akhoza kufunsa kuti miliyoni imaoneka bwanji. Yankho lachidule lilipo: ndi mapepala 200 a K5,000. Ndi yankho labwino pa funso limenelo lokha. Musalisandutse muyezo wa bajeti yonse, chifukwa kuwerenga mapepala a ndalama kumangouza munthu kukula kwa mtolo, osati zomwe mtolowo ungagule, ndipo kumabweretsa chithunzi cha msungichuma atanyamula chikwama chodzaza pamene ndalamazo zili ku banki.

Mudziwa bwanji kuti zamveka

Musafunse kuti "mwamva?" Adzayankha kuti eya chifukwa cha ulemu ndi njala. M'malo mwake pemphani kholo limodzi kumbali ya amayi ndi lina kumbali ya abambo kuti afotokoze m'mawu awo zimene akauze mnansi amene sanabwere. Akanena kuti "sukulu ikufuna matumba 160, ilipo 120, akusowa 40, ofanana ndi madesiki", ntchito yagwirika. Akanena kuti "akuti tibweretse chimanga", bwererani pa njerwa nthawi yomweyo anthu asanabalalike, chifukwa mphekesera imeneyo ikatuluka pageti simungaigwirenso.

Mafunso amene akubwera amakuuzaninso zambiri. Ngati akufunsa za zinthu, monga chifukwa chake mpopi ukumwa thumba lathunthu pamwezi pamene ana amakhala patchuthi miyezi ina, ndiye kuti kuyerekeza kwagwira. Funso limenelo ndi lanzeru, ndipo likhoza kukutsogolerani ku paipi yomwe ikudontha pansi kapena kwa anthu oyandikana nawo amene amatunga usiku. Yankho lake ndi kuwerenga mita Lachisanu madzulo ana ataweruka ndi Lolemba m'mawa asanafike. Ngati yayenda kwambiri pamene pasukulu panalibe anthu, madzi akupita kwina. Kumbukirani kuti m'chitsanzo chathu mpingo umabwereka makalasi Lamulungu, ndiye kuwerengako kuchitikenso Loweruka madzulo kuti musanamizire paipi madzi omwe amwa akhristu. Koma ngati mafunso onse ndi a mtengo wa chimanga, kuti kodi ndi cha lokolo kapena cha haibulidi, chouma kapena chachiwisi, ndiye kuti muyezo wakula kuposa bajeti. Lozani mtengo umene munagwirizana pabolodi, mubwerere ku makwacha.

Pomaliza, lembani zonse papepala limodzi lalikulu: mzere uliwonse, makwacha ake enieni, matumba ake, ndipo pamwamba mtengo wa thumba umene munagwiritsa ntchito pamodzi ndi tsiku la msonkhano. Tsikulo ndi lofunika, chifukwa pakapita miyezi itatu chimanga chidzakhala pa mtengo wina, ndipo wowerenga adzaganiza kuti masamu ndi olakwika. Likhomeni pa bolodi la zidziwitso pomwe mvula siifika, lina mupatse a mfumu a m'deralo, lina lilowe m'buku la maminitsi. Pa msonkhano wa teremu yotsatira, pofotokoza zomwe zagwiritsidwa ntchito, gwiritsani ntchito mtengo womwe uja wa K60,000 ngakhale kumsika utasintha, ndipo nenani kuti mukutero dala kuti 160 ya tsiku lija ikhalebe 160. Mukatero mukhoza kunena kuti pa matumba 70 a chimbudzi, 45 apita kale pa dzenje, maziko ndi silabu, yomwe ndi K2,700,000, ndipo 25 otsalawo, K1,500,000, akudikira makoma, denga ndi zitseko.